Ndalama zadulidwa koma apu ikuti sizinatheke: chimachitika ndi chani pakati apa?

Ngati mumalipira zinthu ndi ndalama za pafoni, mwina izi zinakuchitikiranipo. Mwadina batani lolipira pa apu, mwalemba pini, meseji yabwera yoti ndalama zachoka, koma apu ija ikungozungulira zungulira kenako nkukuuzani kuti sizinatheke. Kasitomala amati andibera, mwini apu amati vuto ndi netiweki, a kampani ya foni amati kwathu zadutsa bwinobwino, ndipo nthawi zambiri onse atatu amakhala akunena zoona malinga ndi zomwe aliyense akuona pa sikilini pake. Ndikufuna tione bwino zomwe zimachitika kuyambira pomwe munthu wadina batani mpaka pomwe ndalama zafika, chifukwa amene akupanga apu akamvetsa pamenepa mavuto ambiri amatha asanayambe, komanso olipira amadziwa nthawi yoti adikire kaye osalipiranso kachiwiri.

Kupempha ndalama ndi kulandira ndalama

Ndalama za pafoni zinayamba kutchuka kwambiri ndi M-Pesa, yomwe kampani ya Safaricom inayambitsa ku Kenya mu 2007. Nthawi imeneyo zonse zinapangidwira munthu amene wagwira foni m'manja, amatsegula menyu ya pa simu khadi, kapena kwa makampani ena kuimba nambala ija yoyamba ndi nyenyezi nkuthera ndi hashi yomwe amati USSD, nkusankha kutumiza, kulemba pini, basi. Zoti pulogalamu ya munthu wina izitha kulankhula ndi sisitimu imeneyi mosavuta zinabwera mochedwa. Safaricom inatsegula API yake yotchedwa Daraja mu 2017, MTN inatsegula MoMo API yake mu 2018, ndipo Airtel Money nayo ili ndi yake. API ndi khomo lomwe kampani imatsegulira mapulogalamu a anthu ena kuti azitumiza mapempho nkumalandira mayankho popanda munthu kukhala pakati.

Nde chomwe chimasokoneza anthu ambiri oyamba kumene ndi ichi. Apu yanu siingatenge ndalama mu akaunti ya munthu yokha, chomwe ingachite ndi kupempha. Seva yanu, kompyuta ya pa intaneti yomwe apu imadalira, imauza kampani ya foni kuti nambala yakuti ilipire ndalama zakuti, kampaniyo imatumiza kabokosi pa foni ya munthuyo komufunsa pini, ndipo ndalama zimachoka pokhapokha munthu uja akalemba pini yolondola ndipo balansi ilipo. Ku MTN pempho limeneli limaoneka chonchi:

```
POST /collection/v1_0/requesttopay
X-Reference-Id: 7c9e6679-7425-40de-944b-e07fc1f90ae7

HTTP/1.1 202 Accepted
```

Yankho la `202 Accepted` limabwera mwachangu, mwina pa sekondi imodzi kapena awiri, munthu uja asanaone nkomwe kabokosi ka pini. Nambala 202 ndi yakale, inalipo kale m'malamulo a HTTP a mu 1996, ndipo tanthauzo lake ndi loti talandira pempho lanu koma sitinamalize kuligwira. Ku Daraja nakonso yankho loyamba limabwera ndi `ResponseCode` ya `0` pamodzi ndi `CheckoutRequestID`, ndipo ziro ameneyu wapusitsa anthu ambiri chifukwa amaoneka ngati akuti zatheka. Zili ngati mwapereka kalata yofunsira ntchito, mlembi waidinda kuti yalandiridwa, inu nkubwerera kunyumba kukalengeza kuti mwalembedwa ntchito. Apu yomwe imapereka katundu itangoona yankho loyambali imakhala ikugawa zinthu ulele kwa aliyense amene wadina batani nkukana kulemba pini.

Pendingi, kapena kuti sitikudziwa

Anthu timakonda kuganiza kuti malipiro ali ndi mathero awiri, atheka kapena alephera. Zimenezo nzoona ku mbali ya kampani ya foni pamapeto pa zonse, koma ku mbali ya apu yanu pali chachitatu, chomwe ndi kusadziwa. Pendingi ndi dzina la nthawi yonse imene pempho lapita koma yankho lotsiriza silinakufikeni. Mkati mwa nthawi imeneyi mwina munthu akusakasaka magalasi kuti aone kabokosi kaja, mwina foni yake ili kunja kwa netiweki, mwinanso ndalama zachoka kale koma uthenga wokuuzani wasochera panjira, ndipo muli pa seva yanu simungasiyanitse zitatu zimenezi.

Vutoli ndi lakale kuposa ndalama za pafoni. Akatswiri a makompyuta analilemba m'ma 1970 ngati nthano ya akuluakulu awiri a asilikali amene ali mbali ziwiri za chigwa ndipo akufuna kugwirizana nthawi yoyamba nkhondo, koma mthenga aliyense amene amutuma amadutsa pakati pa adani ndipo akhoza kugwidwa. Woyamba akatuma mthenga osamva kanthu, sangadziwe ngati mthenga anagwidwa popita kapena anafika bwinobwino nkugwidwa pobwera ndi yankho. Zinatsimikizika kuti palibe chiwerengero cha amithenga chomwe chingachotse kukayika kumeneku kotheratu. Seva yanu ikatumiza pempho nkudikira masekondi 30 osamva kanthu, zomwe timati taimuauti, ili pamalo omwewo. Taimuauti imangokuuzani kuti inuyo mwatopa kudikira, za komwe kuli ndalama siikudziwa kalikonse.

Makampani ali ndi mawu awo otchulira zimenezi. MTN imayankha `PENDING`, `SUCCESSFUL` kapena `FAILED`. Airtel Money ili ndi `TS` zikatheka, `TF` zikalephera, `TIP` zikadali mkati, komanso `TA` yomwe imatanthauza kuti ngakhale iwowo sanatsimikize, ndiye mufunsenso pakapita nthawi. Daraja imagwiritsa manambala mu `ResultCode`, pomwe `0` ndi kuti ndalama zalowa, `1` balansi yaperewera, `1032` munthu wakana yekha, `2001` pini yolakwika, `1037` foni sinapezeke kapena sinayankhe pa nthawi yake. Awa ndi mayankho ochokera ku kampani yomwe ikusunga ndalama, kampani ikanena kuti munthu wakana mukhoza kulemba kuti zalephera ndi mtima wonse. Koma khodi yanu ikangoona kuti intaneti yaduka, kapena yalandira `500` kapena `503`, manambala osonyeza kuti seva ya kampani ili ndi vuto, ilibe ufulu wolemba kuti zalephera. Apa ndi pamene pamayambira milandu yambiri.

Tione nkhani imodzi momwe imayendera

Tiyerekeze apu yogulitsa matikiti, oda nambala 4821, ndalama 5000 za dziko lililonse lomwe mungafune. Wopanga apu anaika kuti kachizindikiro kozungulira kaja kadikire masekondi 30, zikapanda kumveka ilembe kuti zalephera ndipo batani libwerere.

Nthawi ili 14:02:10 kasitomala wadina batani. Pa 14:02:12 seva yalandira yankho loti pempho lalandiridwa. Netiweki ndi yodzaza, nde kabokosi ka pini kakufika pa foni pa 14:02:28. Munthu uja akuwerenga kaye kuti aone ngati dzina ndi ndalama zili zolondola, zomwe ndi nzeru ndithu, ndipo pa 14:02:40 apu yomwe ili kuseri kwa kabokosi kaja yatopa, yalemba `FAILED` mu databesi. Pa 14:02:50 walemba pini, 5000 yachoka. Kabokosi katseka, akuona apu ikuti sizinatheke yesaninso, meseji yotsimikiza sinafike chifukwa nayo ili pa mzere. Munthu wanzeru zake achita chani? Adinanso. Pa 14:03:05 seva yatumiza pempho latsopano ndi lifelensi yatsopano, nambala ija yozindikiritsa pempho lililonse, walembanso pini, 5000 ina yachoka.

Pa 14:03:30 uthenga wa malipiro oyamba wafika ku seva, khodi yayang'ana, yapeza kuti mzere umenewo unalembedwa kale kuti unalephera, yangoutaya. Uthenga wachiwiri wafika, tikiti yatuluka. Mapeto ake kasitomala walipira 10000 pa tikiti imodzi, mu akaunti ya bizinesi muli 5000 yomwe databesi siikuidziwa, ndipo mawa lake munthu akamaimba kudandaula, wothandiza makasitomala atsegula sisitimu nkuona malipiro amodzi olephera ndi amodzi otheka, nkumuuza motsimikiza kuti bwana munalipira kamodzi. Palibe amene waba apa, ndipo kampani ya foni yachita zonse zomwe inauzidwa. Zolakwika ndi zitatu ndipo zonse zili mu apu: kutenga taimuauti ngati kulephera, kulola pempho lachiwiri loyamba lisanathe, ndi kutaya uthenga wobwera mochedwa.

Zikanayenera kuyenda chonchi. Seva isanalankhule nkomwe ndi kampani ya foni, ilembe kaye mzere mu databesi wokhala ndi nambala ya oda, ndalama, nambala ya foni, lifelensi ndi `PENDING`. Kulemba kaye nkofunika chifukwa seva ikazima pakati pa kutumiza ndi kulemba, ndalama zikhoza kuchoka inu mulibe umboni uliwonse woti munapempha. Masekondi 30 akatha, chomwe chisinthe ndi mawu a pa sikilini okha, imuuze munthu kuti tikudikirabe kutsimikiza, ngati mwalemba kale pini musalipirenso, tikudziwitsani. Akadinanso batani pa oda yomweyo, seva iyambe yayang'ana ngati pali malipiro ena a oda 4821 omwe akadali pendingi, ngati alipo ikafunse kampani za amenewo kaye, ndipo pempho latsopano lipite pokhapokha yankho litabwera loti oyamba aja alephera. Ndipo zonsezi zichitike pa seva, osati mu apu ya pa foni, chifukwa makiyi a API akakhala mu apu aliyense wodziwa kusasula mapulogalamu akhoza kuwatulutsa, komanso foni ikhoza kutha batire pakati pa malipiro.

Kolubaki ndi kufunsa nokha

Pali njira ziwiri zodziwira mmene malipiro athera. Yoyamba ndi kolubaki, ena amati webuhuku, dzina lomwe linayamba kumveka cha mu 2007. Mumaipatsa kampani adiresi ya pa seva yanu, malipiro akatha iwo amatumiza uthenga ku adiresi imeneyo. Zili ngati kusiya nambala yanu kwa makaniko kuti galimoto ikatha akuimbireni. Ubwino wake ndi woti mumadziwa pompopompo ndipo simuvutitsa munthu ndi mafunso. Kuipa kwake ndi koti akakuimbirani foni yanu ili yozima, zimatengera makanikoyo ngati aimbenso. Makampani ena amabwereza kangapo, ena amatumiza kamodzi kokha basi, nde seva yanu ikakhala kuti imalisitatidwa pa masekondi omwewo, kapena satifiketi ya HTTPS yatha, kapena adiresi munailemba molakwika, uthenga uja wapita.

Kolubaki ilinso ndi makhalidwe ena awiri ofunika kuwadziwa. Ikhoza kubwera kawiri, mwachitsanzo seva yanu yalandira nkugwira ntchito yonse koma yachedwa kuyankha kuti ndalandira, wotumiza nkuganiza kuti sinafike. Nchifukwa chake ndi bwino kungousunga uthengawo momwe wabwerera, kuyankha `200` msanga, ntchito yotumiza tikiti ndi maimelo ichitike pambuyo. Chinanso, ikhoza kubwera kuchokera kwa munthu wabodza. Adiresi ya kolubaki ili pa intaneti, aliyense amene waidziwa akhoza kutumizako uthenga woti oda 4821 yalipiridwa. Komwe kampani imasaina mauthenga ake, siginecha imeneyo muiyese nthawi zonse. Komwe sasaina, anthu amalola ma adiresi a IP a kampaniyo okha, amaika chinsinsi chovuta kulota mu adiresi ya kolubaki, kapena amatenga kolubaki ngati belu chabe, ikalira amapita kukafunsa okha ku API. Ndipo nthawi zonse muone ngati ndalama zomwe zalowa ndi zofanana ndi zomwe munalemba poyamba paja, osangoona mawu oti zatheka.

Njira yachiwiri ndi kufunsa nokha mobwerezabwereza, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ku MTN mumafunsa ndi lifelensi yomwe munapanga ija:

```
GET /collection/v1_0/requesttopay/7c9e6679-7425-40de-944b-e07fc1f90ae7
```

Mumakhala ndi kapulogalamu kakumbuyo komwe kamayang'ana mizere yonse yomwe ikadali pendingi nkumafunsa umodzi umodzi. Musamafunse sekondi iliyonse chifukwa makampani amaika malire ndipo akhoza kukutsekerani. Anthu amatalikitsa pang'onopang'ono, mwachitsanzo pakatha masekondi 5, kenako 10, 20, 40, kenako pa maminitsi 5 aliwonse kwa ola limodzi, kenako kamodzi pa ola mpaka tsiku litatha. Manambala awa si lamulo, mukhoza kusintha malinga ndi zomwe mukugulitsa. Chenjerani ndi kanthu kamodzi apa, tokeni yomwe imakulowetsani mu API imatha mphamvu, kawirikawiri pakatha ola limodzi, nde kapulogalamu kaja kakalandira `401` ndiye kuti tokeni yanu yafa, mutenge ina, za malipiro a kasitomala sizikukhudzana. Ndaonapo khodi yomwe cholakwika chilichonse imachitenga ngati malipiro alephera, tokeni itangotha mizere yonse ya pendingi inasanduka yolephera pa kamphindi kamodzi.

Ena amakonda kolubaki, ena amakonda kufunsa, ambiri amene akhalitsa pa ntchitoyi amagwiritsa zonse ziwiri. Koma zikakhala ziwiri pabadwa vuto lina, zonse zikhoza kubwera ndi yankho limodzi pa nthawi imodzi.

Aidempotensi, kuchita kawiri koma zotsatira kamodzi

Liwu ili ndi lovuta kutchula koma nkhani yake ndi yosavuta. Linachokera ku masamu, analiyambitsa Benjamin Peirce mu 1870, ndipo m'makompyuta limatanthauza ntchito yomwe olo muibwereze kangati zotsatira zake zimakhala ngati mwaichita kamodzi. Batani loitanira chikepe m'nyumba zosanja lili choncho, mukalidina kakhumi chikepe chimabwera chimodzi chomwecho. Kuthira madzi mu ndowa sikuli choncho, kapu iliyonse imaonjezera. Malipiro mwachibadwa ali ngati ndowa, ntchito ya wopanga apu ndi kuwasandutsa batani la chikepe, ndipo zimafunika mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi potumiza pempho. Apa ma API amasiyana ndipo kusiyana kwake kuli ndi zotsatira. Ku MTN lifelensi mumapanga ndinu, nde mukatumiza pempho intaneti nkuduka musanamve yankho, muli nayobe nambala yofunsira. Mukatumizanso ndi lifelensi yomweyo amakuyankhani `409`, kutanthauza kuti imeneyi tili nayo kale, ndipo ameneyu ndi uthenga wabwino, wakuuzani kuti pempho loyamba linafika, chatsala ndi kufunsa mmene lathera. Ku Daraja nambala yofunsira, `CheckoutRequestID` ija, amakupatsani ndi iwo mu yankho loyamba, nde yankho limenelo likasochera mulibe chofunsira. Njira imodzi yozembera zimenezi ndi kuika lifelensi yanu mkati mwa adiresi ya kolubaki yomwe mumatumiza ndi pempho lililonse, kuti uthenga ukabwera muzindikire kuti ndi wa mzere uti ngakhale nambala yawo simunaione. Njira zonse ziwiri zimagwira, kungoti muyenera kudziwa kuti API yomwe mukugwiritsa ili mbali iti musanalembe khodi yobwereza.

Mbali yachiwiri ndi polandira yankho. Khodi yambiri imalembedwa motere: werenga mzere, ngati uli pendingi usinthe, tumiza tikiti. Imaoneka bwino ndipo poyesa imadutsa. Koma kolubaki ndi kapulogalamu kofunsa kaja zikafika limodzi, zonse ziwiri zimawerenga pendingi ina isanalembe, zonse nkutumiza tikiti, kapena ngati ndi apu yosunga balansi munthu nkuikiridwa ndalama kawiri. Mankhwala ake ndi kusiyira databesi kuti iweruze ndi lamulo limodzi:

```sql
UPDATE payments
SET status = 'SUCCESS', receipt = :receipt
WHERE ref = :ref AND status IN ('PENDING', 'EXPIRED');
```

Mukatha apa muone kuti mizere yomwe yasintha ndi ingati. Ikakhala 1, ndinu oyamba, pitirizani kupereka katundu. Ikakhala 0, wina wakutsogolerani kale, ingoyankhani kuti mwalandira nkusiya pomwepo. Muikenso `UNIQUE` pa nambala ya lisiti yochokera ku kampani, monga `MpesaReceiptNumber` kapena `financialTransactionId`, kuti lisiti imodzi isalipire maoda awiri. Ndipo ngati nkotheka kusintha mzerewu ndi kulemba zoti tikiti iperekedwe zichitike mu tranzakishoni imodzi ya databesi, kuti seva ikazima pakati musakhale ndi malipiro otheka opanda tikiti.

Mwaona kuti mu lamulo lija muli `EXPIRED`. Amenewa ndi malipiro omwe inu mwatopa kuwadikira ndipo mwamasula mpando kapena katundu uja, koma kampani sinanene kuti alephera. Kusiyanitsa `EXPIRED` ndi `FAILED` ndi komwe kukanapulumutsa 5000 ya kasitomala wathu uja, chifukwa uthenga wochedwa ukanapeza khomo lotsegula. Ukalowa chonchi, khodi ione ngati oda ili ndi malipiro ena otheka kale kapena katundu watha, ngati ndi choncho iike chizindikiro choti ndalamazi zikufunika kubwezedwa. Mbali inayo khomo likhale lotseka, mzere womwe wafika pa `SUCCESS` usabwererenso ku pendingi kapena kulephera chifukwa cha uthenga wakale womwe wafika mochedwa. Ndalama zikabwezedwa umenewo ukhale mzere wina watsopano, wakalewo osaufufuta.

Zonsezi zimawawa kwambiri apu ikakhala yotumiza ndalama kwa anthu, monga kulipira ogwira ntchito kapena kubweza ndalama. Polandira, mukalakwitsa ndalama zoonjezera zimakhala kwa inu ndipo mukhoza kubweza. Potumiza, khodi ikaona taimuauti nkutumizanso ndi lifelensi yatsopano, munthu walandira kawiri, ndipo akakazitapa kwa ejenti inu musanazindikire, kuzipezanso ndi nkhani ina. Apa lamulo lomwe ambiri amatsata ndi loti chilichonse chosadziwika chiime kaye mpaka atafunsa, olo zitanthauze kuti munthu adikira maola angapo.

Kufananitsa mabuku

Olo muchite zonse zili pamwambazi, ena adzakupulumukanibe, nde pamafunika ukonde wotsiriza. A zowerengera ndalama akhala akuchita izi kwa zaka mazana, kutenga buku lanu ndi sitetimenti ya wosunga ndalama nkuyerekeza mzere ndi mzere. Tsiku lililonse mumatenga sitetimenti ya akaunti ya bizinesi kuchokera ku kampani ya foni nkuifananitsa ndi tebulo lanu pogwiritsa nambala ya lisiti. Zomwe zili kwawo koma kwanu kulibe kapena zinalembedwa kuti zalephera, ameneyo ndi kasitomala amene walipira osalandira kanthu, ndi bwino mumupeze inu iye asanakupezeni. Zomwe kwanu zikuti zatheka koma kwawo kulibe ndi zoopsa kwambiri, mwina wina akutumiza makolubaki abodza kapena khodi ikukhulupirira yankho loyamba lija. Zomwe zili konse koma ndalama zikusiyana, kawirikawiri ndi chindapusa cha kampani chomwe chadulidwa, kapena munasunga ndalama ngati nambala ya madesimo yomwe kompyuta imaizunguliza, nchifukwa chake ndalama amazisunga ngati nambala yathunthu. Samalaninso ndi malipiro a pakati pa usiku, seva yanu ikamayendera wotchi ya UTC pomwe sitetimenti ikuyendera nthawi ya dziko lanu, mizere ina imaoneka ngati yasowa pomwe yangogwera tsiku lina.

Chizindikiro chimodzi chomwe ine ndimachikonda chifukwa nchotchipa ndi kungowerenga mizere yomwe yakhala pendingi kupitirira maminitsi 10. Tsiku labwinobwino imakhala yochepa. Ikayamba kukwera mwadzidzidzi ndiye kuti makolubaki asiya kufika kapena kampani ili ndi vuto, ndipo mumadziwa mafoni a madandaulo asanayambe kulira. Dziwaninso kuti malo oyesera omwe makampani amapereka, sandibokosi, amayankha mwaulemu kuposa dziko lenileni, nde makolubaki obwera kawiri, ochedwa ndi osabwera nkomwe muyenera kuwapanga nokha poyesa.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi loti mudikire mpaka liti. Wogulitsa mpando wa mu basi yomwe ikunyamuka pakatha ola sangausunge tsiku lonse chifukwa cha malipiro osadziwika, koma akaumasula msanga akhoza kugulitsa mpando womwe wina waulipira kale. Wogulitsa kosi ya pa intaneti alibe vuto limeneli, akhoza kudikira mpaka mawa. Palibe nambala imodzi yomwe ikukwana onse, ndipo pomwe ena amati maminitsi ochepa akwana chifukwa kabokosi ka pini sikakhalitsa pa foni, ena amati vuto si kabokosi koma uthenga womwe ukhoza kuchedwa maola.

Lachiwiri ndi la ndalama zofika mochedwa katundu atatha. Kodi apu ibweze yokha pompo, kapena munthu aone kaye? Kubweza kwa makina nkwachangu ndipo kasitomala amasangalala, koma ndi khomo linanso lomwe ndalama zimatulukira popanda diso la munthu, ndipo akuba amakonda makomo otere. Palinso nkhani ya chindapusa cha kubwezako, alipire ndani, mwini apu amene sanalakwe, kasitomala amene sanalakwe, kapena kampani yomwe uthenga wake unachedwa?

Lachitatu ndi loti mulumikizane ndi kampani iliyonse payokha kapena mudutse kwa mkhalapakati amene amaphatikiza makampani angapo pa API imodzi. Mkhalapakati amakuchepetserani ntchito ndi mapepala, ndipo ena amabwereza makolubaki ndi kuwasaina pomwe kampani yeniyeniyo siitero. Koma amadyapo gawo lake, ndipo waonjezera mthenga wina pa chigwa chija, tsopano pendingi ikhoza kukhala pakati pa inu ndi iye kapena pakati pa iye ndi kampani, ndipo kasitomala akadandaula mabuku ofananitsa amakhala atatu.

Kenako pali funso la makampani eni akewo. Bungwe la GSMA, lomwe limasonkhanitsa makampani a mafoni padziko lonse, linatulutsa ndondomeko ya API imodzi ya ndalama za pafoni mu 2016, komabe mpaka pano wopanga apu amakumana ndi `PENDING` uku, `TIP` uko, manambala kwinaku. Ena amati makampani akakamizidwe ndi mabanki akulu a mayiko kuti asaine makolubaki onse, awabwereze akalephera kufika, komanso anene nthawi yeniyeni yomwe pendingi iyenera kukhala itatha. Ena amati malamulo otere amachedwetsa zinthu ndi kukweza mtengo, ndipo mpikisano ukonza wokha. Nanga pa nthawi yomwe ndalama zachoka kwa kasitomala koma mwini apu sanauzidwe, mwalamulo ndi za ndani, ndipo amene akuyenera kuyankha foni ya munthu wokwiyayo ndi uti?